Kalembedwe ka nkhani ya mwana wakumudzi ndi madzi owiritsa

Novembala akangofika, anthu akayamba kuthamangira matikiti a basi ku Park Station, foni yanga siipuma. Funso limakhala lomwelija: "Amayi, kankhani kaja munawauza ana ku Sande sukulu, ka mtsikana ndi nyemba, tatitumizireni tikawawerengere athuwa tisananyamuke." Ndayankha makolo a ku Rosettenville, a ku Mayfair, ena a ku Diepsloot, mpaka pakamwa pauma. Vuto ndi loti kankhaniko sindinakalembepo, ndimakasintha malinga ndi ana amene akhala patsogolo panga. Ndiye m'malo mokupatsani nkhani yoti muloweze, ndikuuzani mmene ndimaimangira, inu mukaimange ndi mudzi wanu ndi agogo anu.

Chomwe makolo amaopa ndi chodziwika. Mwana wobadwira kuno ku Joni anazolowera kutsegula mpopi n'kumwa, chifukwa madzi ambiri a mzinda uno amachokera ku damu la Vaal ndipo amafika atathiridwa kale mankhwala. Mwana wotere akatsika basi m'Disembala, mvula ili pakati, amamwa chilichonse chimene chaikidwa m'kapu.

1. Yambani mwadziwa zoona zake inuyo

Nkhani ikhoza kukoma bwanji, ikanama pa za madzi ndiye kuti yavulaza. Zofunika kuzigwira n'zochepa.

Madzi aphitsidwe mpaka abwate, ndipo abwate kwa mphindi imodzi yathunthu. Kubwata si tithovu ting'onoting'ono timene timakakamira pansi pa poto, ndiponso si kulira kumene poto amayamba moto ukagwira. Ndi pamene madzi onse akugudubuzika, moti ngakhale mutavundula ndi chipande sasiya. Kumalo okwera kwambiri, kupitirira mamita 2,000 monga pamwamba pa Nyika, amalangiza mphindi zitatu, chifukwa kumeneko madzi amafulumira kubwata asanatenthe ngati a kunyanja. Ngati madziwo ndi amatope, adikhe kaye, muwasefe pansalu yoyera, kenako apite pamoto.

Kutenthako kumapha tizilombo toyambitsa kolera, kamwazi, tayifodi ndi matenda ena otsegula m'mimba. Koma sikuchotsa mankhwala. Madzi amene alowa feteleza, mankhwala ophera tizilombo m'munda kapena zotayika za m'migodi, monga zimene zili m'timitsinje tina ta kuno, mukawawiritsa amakhalabe oipa. Musalole munthu wa m'nkhani yanu kunena kuti moto umayeretsa chilichonse.

Za kolera gwirani ziwiri. Munthu amayamba kudwala pakati pa maola 12 ndi masiku asanu chimwereni madziwo, ndipo ambiri amene tizilomboti talowa m'thupi mwawo saoneka kudwala konse, koma amatifalitsabe kudzera m'chimbudzi chawo. Mfundo yachiwiriyi muisunge, ikuthandizani pa agogo.

2. Sankhani mudzi umodzi, chitsime chimodzi, nyengo imodzi

Musalembe kuti "m'mudzi wina ku Malawi". Ana amatopa ndi mudzi wopanda dzina la phiri kapena mtsinje. Ine nkhani yanga ndimaiika ku Machinga, komwe mliri wa kolera unayambira mu Malichi 2022, namondwe Ana atangodutsa. Mliri umenewo unafika m'maboma onse a dziko lathu, unapha anthu oposa 1,700, ndipo mu Januwale 2023 masukulu a ku Lilongwe ndi ku Blantyre anachedwa kutsegulira chifukwa cha iwo. Ziwerengerozi si za m'nkhani ya ana, ndi zanu, kuti mudziwe dothi limene mwaimapo.

M'nkhanimo mungofunika izi: mjigo wathyoka, anthu abwerera kuchitsime cha kudambo, ndipo mvula yagwa usiku wonse. Madzi othamanga akokolola za kutchire ndi za m'zimbudzi zogumuka n'kulowetsa m'chitsime chopanda chivundikiro. Pofika masana matope adikha, madzi akuoneka mbee. Kuyera kumeneko ndiye mdani wa m'nkhani yanu.

3. Mwana akhale ndi ntchito, ndipo akhale ndi womuopera

Wanga ndi Tadala, wa zaka 9. Ndi amene amatunga, ndi amene amatola nkhuni, ndi amene amabereka mlongo wake Yamikani, wa chaka chimodzi ndi theka, amayi akakhala kumunda. Bambo ake ali ku Joni. Ndimaikamo dala zimenezi chifukwa ana athu kuno amatchera khutu akamva.

Cholakwa chimene ndimachiona kawirikawiri ndi kupha munthu pa tsamba loyamba. Maliro amatseka makutu a mwana, amangotsala ndi mantha. Yamikani angotsegula m'mimba, maso alowe, akane phala, amayi amuthamangitsire kuchipatala, achire. Zakwana. Komanso wodwalayo asakhale khanda la miyezi yosakwana 6, chifukwa loterolo siliyenera kumwa madzi aliwonse, owiritsa kapena ayi, koma bere lokha. Mukalimwetsa madzi m'nkhani mwaphunzitsa cholakwa china osadziwa.

4. Mlangizi wa zaumoyo akhale munthu, asakhale chikwangwani

Kwa ana a kuno mawuwa amafunika kuwamasulira. Mlangizi wa zaumoyo, amene kwathu ambiri amangoti "azaumoyo" kapena a HSA, si dokotala ndipo si namwino. Ndi wantchito wa boma amene amakhala pafupi ndi midzi, amayendetsa sikelo ya ana, amapereka katemera, amayendera zimbudzi ndi zitsime, ndipo nthawi ya mliri amagawa kolorini wothira m'madzi. Kawirikawiri amafika panjinga, atavala yunifolomu yabuluu wowala.

Wanga ndimamutcha Anaphiri. Akafika pakhomo amati "Odi!", amakhala pamkeka, amalonjera agogo kaye, kenako amayi, n'kufunsa za Yamikani. Sayamba ndi chiphunzitso. Amasungunula paketi ya Thanzi m'lita imodzi ya madzi owiritsa amene wabwera nawo m'botolo, ndipo Tadala, amene wakhala chapatali, ndi amene amafunsa: "Bwanji simunatunge mumtsuko mwathu? Amenewo ndatunga ndine, ndi oyera." Onani kuti mwanayo wakhumudwa. Funso lochokera m'kukhumudwa limakoka kuposa funso la m'kalasi.

5. Kuonetsa mwana chinthu chosaoneka

Apa ndi pamene nkhani zambiri zimagwera, ndipo ndikhalapo nthawi. Wolemba amafika apa n'kulemba kuti, "Azaumoyo anamufotokozera kuti m'madzi muli majeremusi, ndipo Tadala anamvetsa." Sanamvetse. Mwana wa zaka 9 amakhulupirira maso ake, ndipo maso ake akumuuza kuti madzi ndi oyera. Pali zinthu ziwiri zosiyana zimene ayenera kuzigwira ndi manja: kuti madzi oyera akhoza kubisa kanthu, ndi kuti moto umapha kanthuko. Chilichonse chili ndi chionetsero chake, ndipo mukazisakaniza mwadzitchera msampha.

Choyamba ndi cha mchere. Anaphiri amathira madzi a m'botolo lawo m'makapu awiri, amamuuza Tadala kuti atembenuke, n'kusungunula mchere m'kapu imodzi. Ndimalemba motere:

"Tayang'ana, mwanawe. Ndi ati oyera?"

Tadala anasuzumira uku, anasuzumira uko. "Onse."

"Talawa."

Analawa oyamba, anameza. Analawa achiwiri, nkhope inachita tsinya, analavula pambali.

"Mcherewo uli pati? Tandilozera."

Tadala anayang'ana m'kapumo mpaka anaona diso lake lomwe. Mchere sanauone.

Mpaka apa zili bwino. Koma ine ndinagwidwapo. Tsiku lina ndikusimba nkhaniyi, kamnyamata kena kobadwira ku Yeoville kanakweza dzanja n'kufunsa m'Chichewa chake chotsimphina: "Ndiye tikawiritsa mchere uthawa?" Ndinasowa chonena, chifukwa suthawa. Madzi amchere mukawaphitsa amawawa kwambiri, poti madzi amachepa mchere n'kutsala. Mchere umaonetsa kubisala kokha, za moto sukudziwa. Kuyambira tsiku limenelo funso la kamnyamatako ndinaliika m'kamwa mwa Tadala, ndipo yankho lake ndi nyemba.

Anaphiri amapempha nyemba zouma 10 kwa amayi. Zisanu amaziponya m'poto wa madzi obwata kwa mphindi zingapo, zisanu amazisiya. Amatenga zitini ziwiri zoboola pansi, amathira dothi, ndipo Tadala amadzala zowiritsa m'chitini china, zaziwisi m'china. "Uzithirira zonse mofanana. Ndibweranso tsiku la sikelo."

Ubwino wa nyemba ndi woti zimapatsa nkhani yanu sabata yodikira. M'mawa uliwonse Tadala amathamangira kuseri kwa khitchini. Tsiku lachinayi kapena lachisanu dothi la chitini chimodzi limang'aluka, timitu topindika titulukira. Chinacho zii, ndipo akafukula amapeza nyemba zowola. Anaphiri akabwera safunika kulankhula zambiri:

"Mchere si wamoyo, n'chifukwa chake moto suutha. Koma timene tinadwalitsa Yamikani ndi tamoyo ngati mbewu, tating'ono kuposa fumbi la ufa. M'mimba mwa munthu ndiye m'munda mwake: mofunda, monyowa. Tikalowa tiwiri timakhala tinayi, tinayi timakhala chikhamu."

"Ndiye tikaphikidwa sitimera," anatero Tadala.

Mawu amenewo anene mwana, asanene wamkulu. Mukawapereka kwa Anaphiri mwamulanda Tadala nkhani yake. Ndipo fanizoli silinama kwenikweni, chifukwa chimene chimapha kamoyo ka m'nyemba ndi chomwecho chimapha tizilombo: kutentha kumaononga zam'kati mwake, monga dzira limalimba osabwereranso. Musanawasimbire ana, dzalani nokha nyembazo pawindo. Za m'shopu zina ndi zakale sizimera, ndipo zitini zonse ziwiri zikakhala zii, mwana anena kuti palibe kusiyana.

6. Agogo musawapusitse

Nkhani iliyonse yotere imafuna wotsutsa, ndipo olemba amathamangira kwa agogo n'kuwasandutsa mbuli. Chonde ayi. Ana amene mukuwawerengerawa akukagona m'nyumba ya agogo awo enieni sabata yamawa. Kupatula apo, zimene agogo amanena n'zomveka: "Chitsime chimenechi ndamwa kuyambira ndili mtsikana, ndafa kangati? Nanga nkhuni zake zichokera kuti? Madzi ophitsa sakomanso, amanunkha utsi."

Mawu atatu onsewo ayankhidwe, koma ndi Anaphiri, mwaulemu, chifukwa mwana wakwathu saphunzitsa agogo ake. Pa loyamba, apa ndi pamene mfundo ija imagwira ntchito: wamkulu akhoza kumwa tizilomboto osagona nato, pamene kamwana madzi amatha m'thupi mwake tsiku limodzi. Ine ndimangolemba Anaphiri akufunsa motsitsa mawu, "Agogo, ana onse a m'mudzi muno amene anamwa chitsimechi anakula?" Agogo sayankha. Amayang'ana kumitengo ya kumanda, kenako amasonkhezera moto. Osawonjezerapo kanthu.

Pa nkhuni, yankho likhale la kukhitchini. Owiritsa ndi akumwa okha, ndi osungunulira Thanzi ndi otsukira zipatso. Osamba ndi ochapira ayi. Poto wa madzi akwere pamafuwa nsima ikangophulidwa, moto usanazilale, ndipo avundikiridwe kuti afulumire. Kumene nkhuni zavutiratu, kolorini wa azaumoyo kapena Wotagadi amagwira ntchito yomweyo, bola muyezo ukhale umene auzidwa ndipo adikire mphindi 30 asanamwe. Muyezowo musaulembe m'nkhani kuchokera m'mutu, poti umasiyana malinga ndi mphamvu ya mankhwalawo.

Pa kukoma, agogo akunena zoona. Madzi owiritsa sakoma mkamwa chifukwa mpweya wathawamo. Akazizira, kuwakhuthulira m'chigubu choyera n'kuchikhutchumula kumabwezeretsa kakomedwe, ndipo chivundikiro chimachepetsa fungo la utsi. M'nkhani yanga nzeru ya chivundikiroyi amabweretsa ndi agogo eni ake, kuti nawonso apambane penapake.

7. Nkhani isathere pamoto, ikathere pamtsuko

Madzi owiritsidwa bwinobwino akhoza kuipitsidwanso pambuyo pake, n'kudwalitsa ngakhale mabanja osamala. Madzi owiritsa sakhala ndi chowateteza, akazizira ali ngati munda wolimidwa wodikira mbewu iliyonse. Choncho payenera kukhala kuphonya kwachiwiri, ndipo wophonyayo akhale Tadala yemwe, atayamba kale kunyada.

Ndimachita chonchi. Tadala waphitsa madzi, wawathira mumtsuko, wasangalala. Wamupukuta Yamikani, osasamba m'manja, n'kutenga kapu yapansi kuviika mumtsuko, zala zonse m'madzi. Anaphiri amuona. Samukalipira. Amamuuza kuti apake ufa m'manja, atungenso monga amatungira masiku onse. Ufa ukuyandama pamwamba pa madzi a mumtsuko, woyera, woonekeratu. Madzi onsewo abwerera pamoto, ndipo nkhuni zake akatola ndi iye. Ana amaseka apa, komanso amamumvera chisoni, ndipo sayiwala.

Zimene amaphunzirapo ndi zenizeni zimene azaumoyo amaphunzitsa kwathu: makapu awiri, ina ya chogwirira yotungira yokha, yokhala pamwamba pa chivundikiro, ina yomwera, mtsuko wotsukidwa ndi wovundikira, kapena chigubu cha kukamwa kochepa kumene dzanja silingalowe, madzi owiritsa osawonjezeramo aawisi kuti azizire msanga, ndi mpondagiya pafupi ndi chimbudzi. Ana a kuno mpondagiya samudziwa. Ndi kachigubu kopachika pamtengo, komangirira chingwe ku kamtengo kapansi, moti ukaponda kachigubuko kamapendekeka n'kukuthira madzi m'manja osakagwira. Pambali pake pamakhala sopo kapena phulusa.

Chenjezo limodzi pano: poto wa madzi otentha asaphule Tadala yekha. Mwana wa zaka 9 atole nkhuni, ayang'anire kubwata, awerenge pang'onopang'ono mpaka 60, koma kuphula ndi kukhuthula achite amayi, Yamikani ali kutali. Ana amatsanzira zimene amva, ndipo chilonda cha madzi otentha si chaching'ono.

8. Kutsiriza kwake musalonjeze zabodza

Musalembe kuti kuyambira tsiku limenelo palibe anadwalanso. Tizilombo tomweto timabweranso ndi manja, ndi ntchentche, ndi mango osatsuka, ndi chakudya chogona. Mwana amene mwamulonjeza kuti madzi owiritsa amatseka matenda onse, akadzatsegula m'mimba tsiku lina adzati munanama, n'kutaya zonse. Muikemonso chiganizo chimodzi choti wotsegula m'mimba kwambiri, makamaka chimbudzi chikamaoneka ngati madzi otsukira mpunga, amwetsedwe Thanzi ali m'njira yopita kuchipatala, osadikira kuti kuche.

Yanga imatha ndi kanthu kakang'ono. Bambo a Tadala afika kuchokera ku Joni, fumbi la ulendo wa masiku awiri lili thoo, apempha madzi. Atambasula dzanja kuti atenge kapu ya pamtsuko, ndipo Tadala agwada n'kunena, "Ababa, imeneyo ndi yotungira. Dikirani ndikuthirireni." Agogo ali pakhonde akusenda nyemba zochokera m'chitini chija, zimene anaziwokera kuseri kwa nyumba. Basi. Phunziro la nkhaniyi musalilembe pansi pake.

9. Iwerengeni mokweza, kenako muibweretse ku Joni

Isapitirire mphindi 10 powerenga. Mwana akafunsa tanthauzo la mjigo, mafuwa kapena dambo, imani mumuuze, koma mawuwo musawachotse, akawafuna akafika. Mukamaliza musafunse kuti "mwaphunzirapo chiyani", chifukwa adzakubwezerani mawu anu omwe. Funsani kuti, "Bwanji nyemba za m'chitini china sizinamere?" ndiponso "Ufa unalowa bwanji mumtsuko?" Akayankha ziwirizi ndiye kuti nkhani yagwira. Akakanika, bwererani ku sitepe 5, vuto lili kumeneko.

Mwana wina adzanena kuti zimenezo n'zakumudzi. Muuzeni za Hammanskraal, kumpoto kwa Pretoria, m'chigawo chathu chomwechino cha Gauteng, komwe kolera anapha anthu mu Meyi 2023. Mukumbutseninso masiku amene mpopi umauma, tonse n'kukaima pamzere wa thanki ndi zigubu zimene sitikudziwa kuti dzulo munali chiyani, kapena madzi akabwerera ali ofiirira. Pamenepo ketulo yamagetsi ndiyo mafuwa athu. Yambiri imazima yokha madzi akangobwata, ndiye ine akumwa a ana ndimawaphitsa m'poto pachitofu, kuti mwana aone yekha kugudubuzika kuja n'kuwerenga mpaka 60 monga Tadala. Nyemba zija dzalani sabata imodzi tsiku la basi lisanafike, kuti zimere iye akuona.